Tageti yalephereka, kota ina yayamba: kakonzedwe ka mawu a manijala a mphindi zisanu

Lolemba loyamba la kota yatsopano, anthu ogulitsa malonda amalowa mumsonkhano akudziwa kale kuti miyezi itatu yapitayi sizinayende. Anaona okha komishoni itachepa, ndipo ena anamva kale manong'onong'o akuti mabwana akumtunda sakukondwa. Chimene sakudziwa n'chakuti inu manijala wawo munena chiyani. Wina akuganiza kuti mumutchula dzina, wina akuopa kuti ntchito yatha, ndipo uja anakwanitsa tageti yake wakhala chopinda manja kudikira kuti aone ngati mumuphatikiza ndi olephera. Mawu anu ayenera kuyankha anthu atatu onsewa m'mphindi zosaposa zisanu. Ntchito yaikulu yokonza mawuwo imachitikira pa desiki, masiku awiri kapena atatu msonkhano usanafike.

Choyamba, pezani pamene zinaduka

Musalembe chiganizo ngakhale chimodzi musanakhale pansi ndi manambala. Malonda a kota amachokera pa zinthu zochepa: munapereka makotesheni angati, mwa amenewo ndi angati anasanduka malonda, ndipo kasitomala amatenga nthawi yaitali bwanji kuti asaine. Ngati tageti yanu imawerengedwa m'ndalama, onjezanipo kukula kwa oda iliyonse, chifukwa gulu likhoza kugulitsa kwa anthu ambiri koma n'kulephera tageti kaamba kotsitsa mitengo mopitirira. Nthawi zambiri mukafufuza mupeza kuti chimodzi mwa zimenezi ndicho chinagwa kwambiri, zinazo zili pamene zimakhalira.

Tiyerekeze gulu la anthu 5 ogulitsa makina osindikizira zikalata m'maofesi. Tageti ya kota inali makina 130, koma anagulitsa 105, kupereweza 25. Manijala wosafufuza anena kuti anthu ake sakudziwa kumaliza malonda, n'kuyamba kuwaphunzitsa kunyengerera kasitomala. Koma taonani zimene mabuku akusonyeza. Pa makotesheni 4 alionse, imodzi imasanduka malonda, ndipo kota yathayi zinali chimodzimodzi: makasitomala anayankha makotesheni 420, ogula anali 105. Luso lomaliza malonda silinatsike. Kuti agulitse makina 130 pamafunika makotesheni 520, kutanthauza 8 pa munthu aliyense sabata iliyonse kwa masabata 13. Ndiye kuti panasowa makotesheni 100.

Anasowa liti? Mukawaika sabata ndi sabata, dzenje likuoneka poyera. M'masabata anayi oyambirira munthu aliyense ankapereka 3 okha m'malo mwa 8. Asanu osowa pa munthu, anthu asanu, masabata anayi: ndi 100 aja. Ndipo chinachitika m'masabata amenewo n'chakuti manijala yemweyo anawatuma kukatolera ngongole kwa makasitomala akale, chifukwa a ku ofesi ya zachuma anali atamukhalira pakhosi. Popeza kasitomala wa makina otere amatenga masabata pafupifupi 6 kuti asaine, bala la mwezi woyamba linadzamveka kupweteka mwezi wachiwiri ndi wachitatu, aliyense ataiwala kale za ngongole zija.

Ndakhalitsa pa chitsanzochi dala, chifukwa mawu onse amene muyankhule atuluka pamenepa. Kwa inu chifukwa chikhoza kukhala china. Ngati makotesheni anali okwanira koma ogula anatsika kuchoka pa mmodzi mwa 4 kufika pa mmodzi mwa 6, funsani amene anakana kuti anapita kwa ndani ndipo chifukwa chiyani. Mwina opikisana nanu atsitsa mtengo, mwina katundu wanu akuchedwa kufika. Ngati malonda ambiri angosunthira kota ino, vuto ndi kawerengedwe ka nthawi. Mankhwala a matenda atatuwa ndi osiyana, choncho mawu akenso sangafanane.

Manambala akakulozerani malo, funsani anthu awiri kapena atatu a m'gulu lanu, aliyense payekha, kuti iwo anaona chiyani. Funsani mmodzi amene anachita bwino ndi mmodzi amene zinamuvuta. Mukamva zosiyana ndi zimene mapepala akunena, bwererani mukaonenso. Kuli bwino akutsutseni muli awiri kusiyana ndi kukutsutsani mumtima inu muli chiimire kutsogolo.

Chachiwiri, kaonaneni ndi abwana anu musanalonjeze kanthu

Pali mafunso atatu amene gulu lidzakhala nawo, kaya liwafunse mokweza kaya ayi. Kodi 25 tinapereweza zija aziwonjezera pa tageti ya kota ino? Kodi kawerengedwe ka komishoni kasintha? Kodi alipo amene achotsedwe ntchito? Pezani mayankho kwa akuluakulu anu musanaime pamaso pa anthu. Limene lili ndi yankho, linenani mmene lilili. Limene silinagamulidwe, nenani kuti silinagamulidwe, ndipo tchulani tsiku limene mudzawauze. Musanene kuti "palibe amene achotsedwe" pongofuna kuti nkhope ziwale, pamene mphamvu yolonjeza zimenezo mulibe. Mmodzi akadzalandira kalata mwezi wamawa, mawu anu onse a m'tsogolo adzakhala opanda mchere.

Pomwepo pemphaninso chimene mukufuna kulonjeza inuyo. Manijala wa m'chitsanzo chathu ayenera kutuluka mu ofesi ya abwana ake atagwirizana kuti ntchito yotolera ngongole ibwerere kwa eni ake. Akapanda kutero, alibe choti akauze gulu.

Ngati pali munthu amene manambala ake ndi oipa kwambiri, kambani naye payekha tsiku lisanafike. Amve kwa inu muli awiri, kuti mumsonkhano asamangoyembekezera nkhwangwa.

Chachitatu, sankhani chinthu chimodzi choti anthu achite

Apa ndi pamene mamanijala ambiri amaphonya. Atapeza vuto, amabwera ndi mndandanda wa zinthu 7 zoti zisinthe: kuimba mafoni ambiri, kulemba malipoti msanga, kuvala bwino, kufika nthawi yabwino, ndi zina zotero. Pofika masana palibe akukumbukira ngakhale chimodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, nanji asanu ndi awiri.

Chinthu chimene musankhe chikhale choti munthu angachichite ndi manja ake sabata yomweyo, ndipo chiwerengeke pofika Lachisanu. "Tigulitse makina 130" si chinthu chotero, chifukwa wosaina ndi kasitomala. "Aliyense apereke makotesheni 8 sabata ino" ndicho chili m'manja mwa wogulitsa.

Werengerani kuti muone ngati nambalayo ikufikitsanidi pa tageti. M'chitsanzo chathu, gulu likulowa kota yatsopano lili ndi makotesheni 240 amene anaperekedwa m'masabata 6 omaliza ndipo sanayankhidwe. Pa mlingo wa mmodzi mwa 4, amenewo abweretsa makina ngati 60. Otsala ndi 70, amene akufuna makotesheni 280. Koma kumbukirani masabata 6 aja: kotesheni yoperekedwa itadutsa sabata yachisanu ndi chiwiri, yankho lake lidzagwera kota inayo. Ndiye 280 onsewo ayenera kutuluka m'masabata 7 oyambirira, 40 pa sabata, 8 pa munthu. Palibe sabata yopumira. Zimenezi ndi zimene anthu ayenera kumva: kota ya masabata 13 imapambanidwa kapena kulephereka m'masabata 7 oyamba.

Chenjezo pa 240 ajawo. Musawatenge ngati ndalama ili m'thumba. Yang'anani m'modzim'modzi, muchotse amene kasitomala wake anasiya kuyankha foni kalekale. Ogulitsa amakonda kusunga makotesheni akufa m'buku kuti lizioneka lonenepa, ndipo inenso ndinachitapo zimenezo ndili wogulitsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukapeza kuti amoyo ndi 200 okha, nambala ya pa sabata ikwera kufika pa 9 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kuli bwino muinene lero kusiyana ndi kudzaizindikira mwezi wachitatu.

Chachinayi, lembani mawuwo

Dongosolo lake ndi losavuta: nambala, chifukwa, mbali yanu, chimene chinayenda bwino, chochita, ndi tsiku loonanso. Yambani ndi nambala m'chiganizo choyamba kapena chachiwiri. Mukayamba ndi nthabwala kapena kuthokoza kwa mphindi ziwiri, anthu samva chilichonse, amangodikira mawu akuti "koma". Manijala wa gulu lija akhoza kunena chonchi:

"Anzanga, mwadzuka bwanji nonse. Sinditenga nthawi yanu yambiri. Kota yathayi tinayenera kugulitsa makina 130, tagulitsa 105. Tapereweza 25, ndipo nonse mwazimva m'thumba.

"Ndakhala pansi ndi mabuku athu kufufuza pamene zinaduka. Kagulitsidwe kanu sikanatsike ayi. Pa makotesheni 4 alionse mukugulitsabe amodzi, monga kale. Chinachepa ndi makotesheni enieniwo. M'masabata anayi oyamba aliyense ankapereka 3 m'malo mwa 8, ndipo amene ndinachititsa ndine, pokutumani kukatolera ngongole nthawi imene munayenera kukhala mukusaka makasitomala atsopano. Ndinaganiza kuti tidzabweza kutsogolo, koma ndinawerenga molakwa. Ndakambirana ndi akuluakulu, ndipo kuyambira lero za ngongole zabwerera ku ofesi ya zachuma. Wina akakutumani zimenezo, mutumizeni kwa ine.

"M'masabata 6 omaliza munabwerera pa 8, ena mpaka kupitirira, nthawi imene zinali zoonekeratu kuti tageti sitiipeza. Ndinaziona, ndipo n'chifukwa chake tikuyamba kota ino tili ndi makotesheni 240 m'manja.

"Tageti ya kota ino ndi 130, sanawonjezerepo zimene tinapereweza. Komishoni sinasinthe. Chimene ndikupempha n'chimodzi: makotesheni 8 pa munthu sabata iliyonse, kuyambira ino mpaka yachisanu ndi chiwiri, osadumpha. Kasitomala wathu amatenga masabata 6 kuti asaine, ndiye chimene sitidzala pano sitikolola kota ino. Lachisanu lililonse nthawi ya 3 koloko tizikumana mphindi 15 kuona nambala imeneyi basi. Amene waona kuti safika pa 8 asadikire Lachisanu, andipeze Lachitatu tione chimene chamutsekereza. Ndani ali ndi funso?"

Mukawerenga mokweza muona kuti safika n'komwe mphindi zitatu, ndipo chotsala kuonjezapo ndi yankho limene abwana anu akupatsani pa funso la kuchotsedwa ntchito lija. Taonani zinthu zingapo mmene zakhalira. Manijala wavomera kulakwa kwake m'ziganizo ziwiri n'kupitirira. Sanagwade n'kuyamba kulira, pakuti kupepesa kotalika kumachititsa kuti gulu liyambe kutonthoza bwana m'malo moganiza za ntchito. Kuvomerako kwabwera limodzi ndi chimene wakonza, apo ayi kukanakhala kungodziyeretsa. Kuyamikira kwake kwaloza chinthu chenicheni chimene anthu akuchikumbukira. Mawu akuti "mumagwira ntchito molimbika" aliyense amadziwa kuti ndi ongodzazira.

Nanga ngati kulakwa sikunali kwanu? Musadzipangire mlandu wabodza, anthu amazindikira. Koma fufuzani bwino, chifukwa kawirikawiri mbali ya manijala imakhalapo ndithu: ngati makotesheni anachepa kwa mwezi wathunthu inu osaona, kusaonako n'kwanu. Nenani zimenezo. Ndipo ngati vuto linachokera ku dipatimenti ina, monga katundu kuchedwa kufika, tchulani chimene chinachitika popanda kunyoza anzanuwo. Nenani kuti maoda angati anabwezedwa chifukwa cha kuchedwako, mwagwirizana chiyani ndi a kumeneko, ndipo ogulitsa azilonjeza makasitomala masiku angati kuyambira tsopano.

Zoti muchotse mukamawerenganso

Chotsani dzina la aliyense amene sanachite bwino. Chotsaninso mawu ozungulira ngati "ena mwa inu mukudzidziwa", chifukwa amabaya anthu onse, olakwa ndi osalakwa omwe. Tebulo loonetsa manambala a munthu aliyense lisaoneke tsiku limeneli. Malo ake ndi pokambirana awiriawiri.

Kutchula amene anachita bwino kuli ndi msampha wakenso. Mukati "onani mnzanuyu, iye anakwanitsa bwanji?", mwamusandutsa chikwapu chokwapulira anzake, ndipo mawa sadzamuuzanso kanthu. Ngati pali chimene iye amachita chimene ena angatengere, mupempheni padera kuti adzafotokoze yekha tsiku lina.

Chotsani mawu akuti msika unali wovuta, pokhapokha ngati muli ndi umboni ndipo mukunena chimene muchite nawo. Ogulitsa akamva bwana akunamizira msika, mwawapatsa chonamizira cha miyezi itatu ikubwerayi. Chotsaninso malonjezo a mphepo onga "kota ino tiphwanya mbiri". Anthu amene angolephera 130 safuna kumva za 200.

Ine ndinalakwitsapo mwa mtundu wina. Pa kampani ina imene ndinkagwira, titalephera tageti, ndinakonza zithunzi 18 zoonetsa pakhoma, zodzaza ndi mizere yokwera ndi yotsika. Ndinayankhula mphindi 40. Nditamaliza ndinafunsa ngati pali funso, chipinda chonse zii. Ndikutuluka, mayi wina amene anali atagulitsa zaka zambiri kuposa ine ananditsatira pakhonde n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Bwana, ndiye mwati tizitani?" Ndinasowa choyankha mwachidule. Kuyambira pamenepo, ngati pafunika choonetsa, ndimalemba manambala atatu pa bolodi ndi dzanja: tageti, zimene tinapeza, ndi nambala ya pa sabata.

Chachisanu, yesezani, kenako kayankhuleni

Werengani mokweza kawiri kapena katatu, foni ikuwerenga nthawi. Paliponse pamene lilime lapunthwa, chiganizocho n'chachitali, chiduleni. Mawu amene simungawanene pocheza ndi munthu maso ndi maso, asinthe. Kenako siyani pepala lonselo, mutenge kakhadi kolembapo manambala okha. Kuiwala chiganizo si vuto, koma kulakwitsa nambala pamaso pa anthu amene amaidziwa pamtima kumakugwetsani.

Msonkhano ukhale m'mawa wa tsiku loyamba kapena lachiwiri la kota. Mukachedwa sabata yathunthu, mphekesera zimakhala zitayankhula kale m'malo mwanu, komanso mwadya imodzi mwa masabata 7 aja. Ngati n'kotheka, abwana anu asakhalepo. Akakhalapo, inu mumayamba kuyankhulira iwo, ndipo gulu silifunsa kanthu. Mukatchula nambala yolepherayo, khalani chete kamphindi, muwayang'ane. Musaithamangire ngati mukudumpha moto. Liwu likhale lija mumayankhulira masiku onse, osakalipa, osachitanso ngati muli pamaliro. Ngati ena akumvera pa foni kapena pa kompyuta ali kutali, tchulani manambala kawiri ndipo muwafunse iwo poyamba, chifukwa ndi amene amaiwalika.

Pa mafunso, yembekezerani kuti poyamba kukhala chete. Werengani mumtima mpaka 10 musanatseke. Mukaona kuti palibe akuyamba, funsani funso loti munthu angayankhe osadziika pa mlandu, monga "N'chiyani chingakulepheretseni kufika pa 8 sabata ino?" Pamenepo mumva zenizeni: galimoto imodzi ikulimbiranidwa, mitengo yatsopano sinatuluke, kotesheni imakhala masiku atatu ikudikira siginecha yanu. Lembani zimene anenazo pamaso pawo. Wina akayamba kutsutsa kuti tageti n'njosatheka, musakangane naye pagulu, komanso musamunyoze. Muonetseni masamu aja a 240 ndi 280, ndipo ngati akuona kuti dera lake n'losiyana ndi la anzake, mupangane nthawi tsiku lomwelo kuti muone manambala ake awiri. Nthawi zina amakhala akunena zoona.

Tsiku lisanathe, tumizani uthenga wa mizere inayi kapena isanu wobwereza tageti, nambala ya pa sabata, lonjezo lanu ndi nthawi ya Lachisanu. Mukafuna kudziwa ngati mawu anu anamveka, Lachiwiri funsani munthu mmodzi mongocheza kuti sabata ino akuthamangira chiyani. Akati "8", zinalowa. Akati "tikuyesetsa, bwana", bwerezani kwa aliyense payekha.

Lachisanu likafika, khalani woyamba kulowa m'chipindamo, ndipo yambani ndi mbali yanu: za ngongole zachokadi m'manja mwawo kapena ayi, za siginecha yochedwa ija mwachitapo chiyani. Mukatero funsani manambala awo. Ngati gulu lonse lapereka 31 m'malo mwa 40, lembani 31 pa bolodi, mufunse pamene 9 anatsalira, ndipo mugawane mmene abwezeredwe m'masabata awiri otsatira sabata yachisanu ndi chiwiri isanakupezeni.